Kuwonkhetsa Ndalama Zokaphunzirira ku Mangalande: Mayeso, Viza, Ndege ndi Umboni wa ku Banki

Munthu wa kuno kuchigwa cha Shire akalandira kalata yomuuza kuti yunivesite ya kunja yamupatsa malo, funso loyamba limene abale amafunsa limakhala la mtengo wa tikiti ya ndege. Koma mukawerengetsa bwino, tikitiyo ndi imodzi mwa ndalama zochepetsetsa pa ulendo wonsewo, ndipo ndi imene imalipiridwa pamapeto penipeni. Ndalama yaikulu kuposa zonse ndi imene simuipereka kwa munthu aliyense pa nthawi yofunsira viza, koma imayenera kukhala phee mu akaunti kwa masiku 28 kuti akuluakulu oona za olowa m'dziko akhulupirire kuti mudzatha kudzisamala. M'malangizo ano titsata chitsanzo chimodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto: mphunzitsi wa sekondale wa ku Ngabu, amene ali ndi digiri yoyamba ndipo akufuna kukachita masitazi ya chaka chimodzi ku Mangalande, pa yunivesite imene ili kunja kwa mzinda wa London, maphunziro ake oyamba mu Sepitembala.

Mitengo imene boma la Britain linakhazikitsa ndaitchula pamodzi ndi nthawi imene inayamba kugwira ntchito, chifukwa imakwera pafupifupi chaka chilichonse, ndipo musanalipire kalikonse muziyamba mwaitsimikiza pa gov.uk, tsamba la pa intaneti la bomalo. Mitengo ina yonse, monga ya mayeso, ya minibasi, ya malo ogona ndi ya tikiti, ndi yongoyerekeza kuti masamu ayende, ndipo inu mudzaikapo mitengo imene mwauzidwa pa tsikulo.

Gawo loyamba: gawani pepala lanu patatu

Tengani kope ndipo mujambule mizere itatu yotsika. Mu mzere woyamba muzilemba ndalama zimene zikatuluka sizibwerera, mu wachiwiri ndalama zimene muyenera kuonetsa kuti muli nazo, ndipo mu wachitatu tsiku limene ndalama iliyonse ikufunika. Anthu ambiri amalemba mzere umodzi wokha, nkuwonkhetsa zonse pamodzi, kenaka nkumatapa m'thumba limodzi lomwelo pa chilichonse chimene chabwera, osadziwa kuti akudya ndalama imene inayenera kukhala yosakhudzidwa.

Pamwamba pa tsamba lembanipo mtengo wa ndalama zakunja umene mugwiritse ntchito. Ife tiyerekeza kuti paundi imodzi ndi K2,300 ndipo dola imodzi ndi K1,750. Ndalama iliyonse muziilemba kawiri, m'mapaundi ndi m'makwacha, chifukwa nambala ya mapaundi ndi imene imakhazikika, pamene ya makwacha ikhoza kusintha usiku umodzi.

Gawo lachiwiri: ndalama zimene zimatuluka musanapatsidwe malo

Choyamba ndi pasipoti, chifukwa popanda iyo simungalembetse mayeso a Chingerezi mwa njira imene yunivesite idzakhutire nayo, komanso nambala yake ndi imene idzalembedwe pa zikalata zonse za mtsogolo. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa chimodzimodzi pa pasipoti, pa satifiketi ya digiri ndi pa chiphaso cha unzika. Kusiyana kwa chilembo chimodzi, kapena kusinthana malo kwa dzina loyamba ndi la bambo, kumabala ulendo wina wa ku Blantyre kukalumbira pamaso pa loya, ndipo ulendowo ndi ndalama. Pamodzi ndi pasipoti pamafunika chikalata cha magiredi a maphunziro onse a digiri yanu, chimene ambiri amachitchula kuti thiransikiripiti, ndipo yunivesite imene munaphunzirako imalipiritsa kuti ikupatseni. Mphunzitsi wathu tamuikira K150,000 ya pasipoti, zithunzi ndi zikalatazi.

Kenaka pamabwera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS. Musanalipire, lemberani kaye yunivesite imene mukufunako ndipo muifunse mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kodi ingalandire kalata yochokera ku yunivesite yanu ya kuno yotsimikiza kuti munaphunzira m'Chingerezi. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene boma la Britain limawatenga ngati olankhula Chingerezi, komabe pa maphunziro a digiri ndi masitazi mayunivesite ali ndi ufulu woyesa okha Chingerezi cha wophunzira, ndipo ena amakhutira ndi kalata yotereyi. Imelo imodzi ikhoza kukupulumutsirani ndalama zoposa miliyoni. Funso lachiwiri ndi la mtundu wa mayeso umene ikufuna, chifukwa pali IELTS Academic, pali IELTS General Training, komanso pali IELTS for UKVI, ndipo wolemba mtundu wolakwika amalipiranso kachiwiri ngakhale atakhoza bwino chotani.

Mayesowa ali ndi mbali zinayi: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo magiredi ake amafika pa 9. Mapulogalamu ambiri a masitazi amafuna 6.5 pa zonse pamodzi, komanso amaika malire akuti pasakhale mbali imene yatsika kupitirira 6.0 kapena 5.5. Malire achiwiriwa ndi amene amagwetsa anthu. Ndaonapo anthu olankhula Chingerezi chothyakuka atapeza 7 pa zonse pamodzi, koma nkukanidwa chifukwa pa kulemba anapeza 5.5. Nchifukwa chake ine ndimalangiza kuti m'kope mulembe mtengo wa mayesowa kawiri. Ngati mudzakhoze ulendo woyamba, ndalama yotsalayo idzakuthandizani kwina. Tikayerekeza K550,000 pa ulendo umodzi, mu mzere woyamba mulowa K1,100,000. Zotsatira zake zimagwira ntchito kwa zaka ziwiri, choncho palibe chifukwa chodikira kuti mupatsidwe kaye malo.

Kwa ife a ku Nsanje ndi Chikwawa pali ndalama ina imene anzathu a m'tauni saiwerengera. Chilichonse cha zimenezi chimafuna kukwera phiri. Wochokera ku Nsanje boma ali ndi makilomita pafupifupi 180 kuti afike ku Blantyre, kudutsa Bangula, Ngabu, Nchalo ndi pa Thabwa, ndipo mayeso oyamba m'mawa sungawanyamukire tsiku lomwelo. Umayenera kukagona konko, ndipo ngati mbali ya kulankhula aiika tsiku lina, umagona kawiri. Komanso nyengo ili ndi mawu ake pa nkhaniyi. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anadulira msewu wa M1 ku Chikwawa mu Januwale 2022, ndi mmene Freddy anatichitira mu Malichi 2023. Tsiku la mayeso likadutsa inu muli tsidya lino la madzi, kubwezeredwa ndalama kumakhala nkhani yopempha ndi yodikira. Ndi bwino kulemba mayeso pakati pa Ogasiti ndi Novembala, chaka chisanafike chimene mukufuna kunyamuka. Mphunzitsi wathu tamuwerengera maulendo atatu a ku Blantyre, uliwonse K120,000 pophatikiza minibasi, malo ogona ndi chakudya, zimene zikukwana K360,000.

Chomaliza pa gawo lino ndi ndalama yofunsira malo. Mayunivesite ambiri a ku Britain salipiritsa pofunsira malo a masitazi, koma ena amalipiritsa. Tinene kuti mphunzitsiyu wafunsira ku mayunivesite atatu, ndipo imodzi yokha yafuna £60, imene ndi K138,000. Gawo lonseli likukwana K1,748,000, ndipo ndalama imeneyi imapita ngakhale atapanda kupatsidwa malo kulikonse.

Gawo lachitatu: dipoziti ndi nambala ya CAS

Yunivesite ikakupatsani malo, kawirikawiri imafuna kuti mulipireko gawo la fizi isanakupatseni CAS, imene ndi nambala yotsimikiza kuti yakulandirani ndipo ikuimirani pamaso pa boma. Popanda nambala imeneyi simungafunsire viza. Tiyerekeze kuti fizi ya chaka chonse ndi £17,000, yunivesite yamuchotsera mphunzitsi wathu £3,000 chifukwa cha magiredi ake, ndipo ikufuna dipoziti ya £2,000, imene ndi K4,600,000.

Apa ndi pamene mumakumana koyamba ndi vuto la kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko muno. Kukhala ndi makwacha mu akaunti sikutanthauza kuti banki itumiza mapaundi mawa. Mumapita ndi kalata ya malo, invoisi ya yunivesite ndi pasipoti, mumadzaza mafomu, kenaka mumadikira pa mzere wa anthu ena amene akufunanso ndalama zomwezo, ndipo kudikirako kukhoza kutenga masabata. Choncho pa tsiku limene yunivesite yaika ngati lomaliza kulipira, bwererani m'mbuyo mwezi wathunthu kapena kuposerapo, ndipo tsiku limenelo ndi limene mulembe mu mzere wachitatu. Ngati muli ndi m'bale amene amagwira ntchito ku Joni kapena kwina kunja, dipoziti ndi ndalama imene iye angakulipirireni mwachindunji ku yunivesite popanda vuto, malinga alembe nambala yanu ya wophunzira polipirapo.

Musanatumize, werengani malamulo a yunivesite okhudza kubweza dipoziti. Ambiri amabweza ngati viza yakanidwa, koma ena sabweza ngati chifukwa chokanira chinali zikalata zabodza kapena kulakwitsa kwanu. Ndipo CAS ikabwera, iwerengeni mosamala kuti muone ngati £3,000 imene anakuchotserani ndi £2,000 imene munalipira zalembedwapo. Woona za viza amawerengera zimene zili pa CAS, osati zimene inu mukudziwa mumtima. Ngati dipoziti sinalembedwepo, adzayembekezera kuona £2,000 imeneyo mu akaunti yanu, ndipo mudzapezeka kuti mwaperewera.

Gawo lachinayi: ndalama yoonetsa

Pano ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge mofatsa. Lamulo limafuna kuti muonetse zinthu ziwiri: fizi ya chaka choyamba imene yatsala, ndi ndalama yodzisamalira ya miyezi isanu ndi inayi. Kuyambira mu Novembala 2025, ndalama yodzisamalirayi ndi £1,171 pa mwezi kwa wophunzira kunja kwa London, ndi £1,529 pa mwezi kwa wophunzira mu London. Kwa mphunzitsi wathu masamu ake ali motere:

```
17,000 - 3,000 - 2,000 = 12,000
1,171 x 9 = 10,539
12,000 + 10,539 = 22,539
22,539 x 2,300 = 51,839,700
```

Ndiye kuti ayenera kuonetsa £22,539, imene pa mtengo wathu ndi K51,839,700. Akanasankha yunivesite ya mu London, ndalama yodzisamalira yokha ikanakhala £13,761, kusiyana kwa £3,222, kumene ndi makwacha oposa 7 miliyoni. Kusankha mzinda ndi nkhani ya masamu isanakhale nkhani ya kukonda.

Ndalama imeneyi iyenera kukhala mu akaunti kwa masiku 28 otsatizana, ndipo pa masiku onsewo isatsikepo ngakhale tsiku limodzi. Ikatsika ndi kwacha imodzi pa tsiku la 20, kuwerenga kumayambiranso pa tsiku limene yadzaza. Komanso tsiku lomaliza pa sitetimenti ya banki lisapitirire masiku 31 kuchokera pa tsiku limene mukutumiza fomu ya viza. Ngati masiku anu 28 akuyamba pa 5 Juni, atha pa 2 Julaye. Mukatenga sitetimenti yothera pa tsiku limenelo, muyenera kukhala mutatumiza fomu Julaye asanathe kuti mukhale mkati mwa malire mosakayikitsa. Chimene chimagwetsa anthu kawirikawiri si kuba kapena kunama ayi, koma tinthu ting'onoting'ono: banki yadula ndalama yake ya pamwezi, kapena mwini wake watapako pang'ono kuti alipire kuchipatala poganiza kuti abweza mawa. Nchifukwa chake akaunti yoonetsa iyenera kukhala yakeyake, yosiyana ndi imene mumalandirirako malipiro ndi kugulira zinthu.

Ndalamayo ikhale m'dzina la ndani? Ikhoza kukhala m'dzina lanu, kapena la kholo lanu, kapena la munthu amene khoti linamuika kukhala wokulerani. Mukagwiritsa ntchito akaunti ya kholo, mumaphatikizapo chikalata cha kubadwa chosonyeza ubalewo ndi kalata ya khololo yovomereza kuti ndalamazo ndi zoti mugwiritse ntchito. Apa lamulo la kwawoko limawombana ndi chikhalidwe chathu. Kwathu kuno amalume, azakhali kapena achimwene aakulu ndi amene nthawi zambiri amaphunzitsa mwana, ndipo palibe amene angakayike udindo wawo. Koma sitetimenti ya amalume siilandiridwa, ngakhale itakhala ndi ndalama zochuluka bwanji. Ngati amalume ndi amene akuthandiza, ayenera kusamutsira ndalamazo mu akaunti yanu masiku 28 asanayambe, ndipo ndi nzeru kusunga kalata yawo yofotokoza kuti akupatsani ngati mphatso ya maphunziro.

Chuma cha mabanja ambiri a kuchigwa chili m'khola, osati ku banki. Bambo wa ku Ngabu akhoza kukhala ndi ng'ombe zokwanira kuphunzitsa ana awiri kunja, koma khola silingalembedwe pa fomu, monganso nyumba, munda wa nzimbe, masheya kapena ndalama za ku banki mkhonde. Chimene chimawerengedwa ndi ndalama imene ingatapidwe nthawi iliyonse ku banki yovomerezeka, imene akuluakulu a viza angathe kuifunsa kuti itsimikize sitetimentiyo. Choncho ngati banja lagwirizana zogulitsa ng'ombe, zigulitsidwe pofika Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, osati mu Juni. Wogulitsa mothamanga amagulitsa motchipa chifukwa ogula amaona nkhope ya munthu wopanikizika, ndiponso tikudziwa kuti matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka kuno, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuzisamutsa, ndipo chiletsocho sichiyang'ana kalendala ya yunivesite. Sungani mapepala onse a malondawo, chifukwa makwacha mamiliyoni ambiri olowa mwadzidzidzi mu akaunti ya mphunzitsi amadzutsa mafunso, ku banki komweko ngakhalenso pofunsidwa za viza.

Tsopano nkhani ya mtengo wa kwacha. Woona za viza amasintha makwacha anu kukhala mapaundi pogwiritsa ntchito mtengo wa pa OANDA, tsamba la pa intaneti losonyeza mitengo ya ndalama zakunja, wa tsiku limene mwatumiza fomu, osati wa tsiku limene munaika ndalama. Tinene kuti mphunzitsi wathu waika K51,839,700 ndendende, ndipo pofika tsiku lotumiza fomu paundi yakwera kufika pa K2,400. Tsopano akufunika K54,093,600, ndiye kuti waperewera ndi K2,253,900 ngakhale sanatapemo kalikonse, ndipo sangangowonjezera tsiku lomwelo chifukwa ndalama yowonjezerayo nayonso iyenera kukwanitsa masiku 28 ake. Paundi imasinthasintha poyerekeza ndi dola tsiku lililonse, choncho zimenezi zimachitika ngakhale kwacha itakhala kuti sinagwetsedwe. Ine ndimalangiza kuwonjezera 10 pa 100 iliyonse, imene pano ndi K5,183,970, kuti mu akaunti mukhale pafupifupi K57 miliyoni. Ndinene mosabisa kuti chitetezo chimenechi ndi cha kusintha kwa masiku onse kokha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kugwa kotere kukakupezani pakati pa masiku 28, palibe chowonjezera chaching'ono chimene chingakupulumutseni. Chimene mungachite ndi kufupikitsa nthawi: masiku 28 akangokwana, tengani sitetimenti ndi kutumiza fomu sabata yomweyo. Njira ina ndi kulipiriratu gawo lalikulu la fizi ngati banki yakupezerani mapaundi, chifukwa paundi iliyonse imene yalembedwa pa CAS kuti yalipiridwa siingagwenso mphamvu.

Pali anthu amene amabwereketsa ndalama zoti zingogona mu akaunti kwa mwezi umodzi pa chiwongoladzanja cha katapila, ndipo pali ena amene amakonza masitetimenti abodza. Sitetimenti yabodza ikagwidwa, munthu akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikolo kwa zaka khumi. Ndalama yobwerekayo nayo, ngakhale itadutsa, imangosamutsa vuto: mwini wake amaitenga, inu nkufika ku yunivesite ndi ngongole ya £12,000 imene ikufunika m'miyezi yochepa, ndipo yunivesite ikakuchotsani chifukwa cha fizi imadziwitsa boma, viza nkudulidwa.

Gawo lachisanu: viza, ndalama ya chipatala ndi kuyezetsa TB

Ndalama ya viza ya wophunzira inakwera kufika pa £524 mu Epulo 2025, imene pa mtengo wathu ndi K1,205,200. Viza ikakanidwa, ndalama imeneyi siibwerera.

Pamwamba pake pali ndalama ya zaumoyo yotchedwa IHS, imene imakulolani kulandira chithandizo m'zipatala za boma kumeneko. Kuyambira mu Febuluwale 2024 wophunzira amalipira £776 pa chaka. Ambiri amalemba £776 m'kope nkupitirira, koma ndalamayi imawerengedwa potsata kutalika kwa viza, osati kwa maphunziro. Pa maphunziro a miyezi 12, viza imayamba mpaka mwezi umodzi maphunziro asanayambe ndipo imapitirira miyezi inayi atatha, choncho imakhala ya miyezi 16 kapena 17. Miyezi yapamwambayo imalipiridwa ngati theka la chaka, ndiye kuti £776 kuphatikiza £388, zonse pamodzi £1,164, imene ndi K2,677,200. Imeneyi imalipiridwa yonse nthawi imodzi fomu isanatumizidwe, koma ili ndi ubwino wakuti viza ikakanidwa imabwezedwa.

Ndalama ziwirizi zimalipiridwa pa intaneti ndi khadi ya banki, m'ndalama zakunja. Makhadi ambiri a kuno ali ndi malire a ndalama zimene angalipire kunja, ndipo malirewo akhoza kukhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi £1,688 imene ikufunika pa tsiku limodzi. Pitani ku banki sabata zingapo tsikulo lisanafike, mukafunse malire a khadi yanu ndi zimene akufuna kuti awakweze. Khadi ikakana pa tsiku lotumiza fomu, masiku 31 a sitetimenti yanu amapitirira kutha pamene inu mukuthamangathamanga.

Popeza mukuchokera ku Malawi ndipo mukakhala kumeneko kuposa miyezi isanu ndi umodzi, mukuyeneranso kuyezetsa chifuwa chachikulu. Kuyezetsaku kumachitika pa chipatala chokhacho chimene chili pa mndandanda wa gov.uk, chikalata cha chipatala cha boma cha kwanu, ngakhale chili ndi chidindo, sichilandiridwa. Chikalatacho chimagwira ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi. Musachisiyire kumapeto, chifukwa chithunzi cha m'chifuwa chikaonetsa chokayikitsa, monga chipsera cha matenda akale, amatenga makhololo kuti akawayeze, ndipo zotsatira zake zikhoza kutenga masabata asanu ndi atatu. Meyi ndi mwezi wabwino wochitira zimenezi. Tayerekeza K200,000.

Fomu ikatumizidwa, mumapita nokha ku ofesi yolandira mafomu a viza ku Lilongwe kukajambulidwa nkhope ndi kutengedwa zidindo za zala. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita ena oposa 300, choncho kwa munthu wa ku Ngabu ndi ulendo wa masiku atatu. Tawerengera maulendo awiri a kutalika kotere, wa kuchipatala ndi wa zidindo, uliwonse K300,000. Gawo lonseli likukwana K4,682,400. Yankho la viza kawirikawiri limabwera pakatha masabata atatu, koma Julaye ndi Ogasiti ndi miyezi ya chikhamu cha ophunzira, ndipo ndi bwino kusiya mpata woposa pamenepo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tikiti

Palibe ndege yochoka ku Malawi kupita ku Britain mwachindunji. Kuchokera pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, mumasinthira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Funsani mitengo ya mabwalo onse awiri, koma pa mtengo wa ku Lilongwe muwonjezerepo ulendo wa pamsewu ndi kugona, chifukwa kwa ife Chileka ili pafupi. Chenjerani ndi matikiti otchipa odutsa m'mizinda iwiri ya ku Ulaya, chifukwa akhoza kufuna viza inanso yodutsira. Musagule tikiti yosabweza ndalama viza isanatuluke, ngakhale mtengo ukukwera pamene Sepitembala akuyandikira. Tayerekeza madola 1,100 a ulendo wopita wokha, amene ndi K1,925,000, ndipo tawonjezera K275,000 ya sutikesi, chovala cha mphepo ndi galimoto yokafika pa Chileka, kuti zikwane K2,200,000.

Kuwonkhetsa

Mu mzere woyamba muli K1,748,000 ya kukonzekera, K4,600,000 ya dipoziti, K4,682,400 ya viza ndi zoyendera limodzi nayo, ndi K2,200,000 ya ulendo, zonse pamodzi K13,230,400. Mu mzere wachiwiri muli K51,839,700 ndi chowonjezera chake cha K5,183,970. Mphunzitsi wathu akufunika K70,254,070, ndipo pa ndalama yonseyi tikiti ya ndege siikufika ngakhale pa 3 peresenti.

Pali chinthu chimodzi chimene lamulo silifunsa koma mimba idzafunsa. Boma limafuna umboni wa miyezi isanu ndi inayi, pamene masitazi imatenga miyezi 12. Miyezi itatu yotsalayo, pa mtengo womwewo wa £1,171, ndi £3,513, kapena K8,079,900. Viza imalola wophunzira wa masitazi kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndipo ambiri amatsekera mpatawu ndi ganyu yotere, koma malipiro amene simunawalandire sangalembedwe pa fomu, ndipo ntchito siipezeka sabata yoyamba. Kumbukiraninso kuti eni nyumba amafuna dipoziti ndi lendi yoyamba musanalowe, choncho gawo la ndalama yodzisamalira liyenera kukhala litasinthidwa kale kukhala mapaundi pa tsiku lonyamuka, zimene zikutanthauza kuyambanso msanga mzere wa ku banki uja.

Ngati nambala ya K70 miliyoni yakuthetsani mawu, chitani masamu omwewa poganizira sikolashipu yolipira zonse, monga ya Chevening, ya Commonwealth, kapena ya Beit Trust imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Bungwe lovomerezeka likakulemberani kalata yoti likulipirirani fizi yonse ndi ndalama yodzisamalira, kalatayo imalowa m'malo mwa sitetimenti ya banki, ndipo mzere wachiwiri wonse umafufutika. Chevening imalipiranso viza ndi tikiti, koma imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mafomu ake amatsegulidwa cha mu Ogasiti, chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Chimene chimatsalira m'thumba mwanu ndi K1,748,000 ya gawo lachiwiri lija, K600,000 ya maulendo aatali awiri ndi K200,000 ya kuyezetsa, zonse pamodzi K2,548,000, kuphatikizapo ulendo wina wokaonekera pamaso pa ofunsa mafunso ngati mwasankhidwa. Werengani kalata ya sikolashipu mzere ndi mzere, chifukwa ngati ikulipira fizi yokha, £10,539 yodzisamalira ija ibwereranso mu mzere wachiwiri, pamodzi ndi masiku ake 28.